Ndilembe bwanji kalata yofunsa ndalama za malemu amuna anga?

Funso: Amuna anga adamwalira miyezi itatu yapitayo. Ankagwira ntchito pa kampani ina yocheka matabwa kuno ku Dedza, koma mpaka lero sindinalandire kanthu. Ndilembe zotani m'kalata yopita kwa abwana awo?
Mayi wamasiye, Bembeke

Yankho: Pepani mayi chifukwa cha zovutazi. Kalatayo mulembere mkulu woona za ogwira ntchito. Tchulani dzina la malemu, ntchito yawo, chaka chomwe adayamba ndi tsiku lomwe adamwalira.

Kenaka funsani ndalamazo m'magulu atatu. Choyamba ndi malipiro otsala pamodzi ndi ndalama za masiku a tchuthi omwe sadapume. Chachiwiri ndi inshuwalansi ya moyo: lamulo la penshoni limakakamiza olemba ntchito kuidulira antchito omwe ali pa penshoni, ndipo siyenera kuchepera malipiro a chaka chimodzi. Ngati penshoni inkawerengeredwa pa K150,000 pamwezi, inshuwalansiyo isachepere K1,800,000. Chachitatu ndi penshoni yeniyeniyo. Apa pemphani dzina la kampani yosunga penshoniyo komanso fomu yomwe malemu adalembapo oyenera kulandira, chifukwa ndiyo imatsogolera kagawidwe.

Phatikizani fotokope ya satifiketi ya imfa, chiphaso chanu cha unzika, ndi umboni wa ukwati kapena kalata ya amfumu. Mapepala enieniwo musapereke. Lembani makalata awiri ofanana, ina akudindireni nkukubwezerani.

Apatseni masabata awiri. Akapanda kuyankha, tengerani kalata yodindayo ku ofesi ya zantchito pa boma la Dedza.