Njinga ya Atsibweni: Phunziro la Ana pa Kukhululuka

Amayi, ambiri mwa inu mumathandiza kuphunzitsa ana a Tilitonse kapena kuwasonkhanitsa pa mphakati. Fanizo la wantchito wosakhululuka, la pa Mateyo 18:21-35, timalimva pa Misa Lamulungu la 24 la pa chaka, m'Chaka A. Ife akulu timagwedeza mitu, koma mwana wa Sitandade 3 salimva msanga, chifukwa ndalama zotchulidwa m'menemo sazidziwa.

Yambani mwazimvetsa inuyo. Wantchito uja anali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu, pamene mnzake anamukongola madinari 100. Dinari imodzi inali malipiro a waganyu pa tsiku, monga tikuonera pa Mateyo 20:2, ndipo talente imodzi inali pafupifupi madinari 6,000. Choncho ngongole ya mnzakeyo inali ya ganyu wa masiku 100, ndalama yomveka koma yobwezeka. Ya kwa mfumu inali ya masiku 60,000,000, yoti munthu sangaimalize ngakhale atabadwa kambirimbiri. Mtima wa fanizoli uli pa kusiyana kumeneku. Ana musawavutitse ndi masamu amenewa. Apatseni zinthu ziwiri zimene amaziona tsiku ndi tsiku, china chachikulu, china chaching'ono. Nayi nthano yopeka imene mungawasimbire.

Kufupi ndi pa Mpingu, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, kunali mnyamata wa Sitandade 5 dzina lake Mavuto. Ankakhala ndi amayi ake pafupi ndi nyumba ya atsibweni ake, amene ankachita kabaza. Njinga yawo ndiyo inkagula ufa, sopo, ngakhalenso makope a Mavuto yemweyo.

Tsiku lina atsibweni akudya nsima, Mavuto anatenga njinga ija mwakachetechete kuti akaonetse anzake kuti naye amatha kupalasa. Pamtsetse mabuleki anamukanika, ndipo anakagwera m'ngalande. Iye anangosupuka bondo, koma limu yakutsogolo inapindika ngati nthochi, foloko inakhota, masipoko anathothoka.

Anaikoka mpaka kunyumba, n'kugwada misozi ili chuchuchu. "Atsibweni, ndalakwa. Ndikhululukireni. Ndidzachita ganyu, ndidzakubwezerani zonse."

Atsibweni anayang'ana njinga, anayang'ana mwana, anakhala chete nthawi yaitali. Ankadziwa kuti mawa sapita ku ntchito, ndipo mkuja sapitanso. Kenaka anati, "Dzuka, mphwanga. Ungabweze ndi chiyani iwe? Nkhaniyi yatha. Pita amayi ako akakutsuke bondolo."

M'mawa mwake ku sukulu, Mavuto anakumana ndi Chisomo, mwana wa Sitandade 3, amene anabwereka cholembera chake sabata yathayo n'kuchitaya. Anamugwira pa kolala. "Cholembera changa chili kuti?"

"Pepa, ndinataya. Ndikhululukire, amayi akagulitsa tomato ndikugulira china."

"Sindikumva zimenezo!" anatero Mavuto. Anamulanda nsapato zake, n'kunena kuti adzamupatsa akadzabweza cholembera. Chisomo anayenda wapansi mpaka kwawo, dzuwa likuswa mtengo, akulira njira yonse.

Ana ena amene anaona zimenezi zinawapweteka mumtima, ndipo anakauza atsibweni a Mavuto. Madzulo atsibweni anamuitana. Njinga ija inali chigonere pakhonde, yopanda tayala lakutsogolo.

"Dzulo unagwada pano. Ndinakuuza chiyani?"

"Munati nkhani yatha."

"Nanga njinga ndi cholembera, chachikulu n'chiti?"

Mavuto anangozolika.

"Kabweze nsapato za mwana wa eni usiku uno. Ndipo popeza iwe umafuna kuti ngongole iliyonse izibwezedwa, kuyambira mawa ukaweruka uzikathirira kudimba kwanga mpaka limu ndi foloko zitakwana."

Mavuto anatenga nsapato zija, n'kuyamba ulendo wa kwa Chisomo kukuda.

Imirani pomwepo. Mtima udzakukokani kuti muonjezere zoti anawo anagwirana chanza n'kukhala mabwenzi, koma Ambuye Yezu naye sanalimalize fanizo lake mokoma. Musiyeni Mavuto ali panjira, ana amufikitse okha. Mukatero werengani Mateyo 18:23-35 pang'onopang'ono, ndipo muwafunse kuti, "Mu nthano yathu ija, mfumu ndani? Wantchito ndani? Nanga mnzake uja ndani?" Akatha kulumikiza anthu atatuwa popanda inu kuwauza, ndiye kuti fanizo lalowa.

Pa mafunso otsatira, pewani aja oti ana amangoyankha pamodzi kuti "Eee!" Mukafunsa kuti kodi kukhululuka n'kwabwino, onse avomera, ndipo simudziwa amene wamva. Funsani chonchi: Atsibweni atamukhululukira Mavuto, njinga inakonzeka yokha? Anataya chiyani pomukhululukira? Funso limeneli likhalitseni, chifukwa ana ambiri amaganiza kuti kukhululuka ndi kunena kuti palibe chimene chalakwika. Chinalakwika chilipo, banja linagona masiku angapo popanda ndalama ya kabaza, ndipo amene anasenza mtolowo ndi wokhululukayo.

Kenaka funsani: Mawu amene Chisomo ananena akufanana bwanji ndi amene Mavuto ananena dzulo lake? M'fanizo la Ambuye, antchito awiri aja anapempha ndi mawu ofanana, ndipo mwana akazindikira zimenezi yekha mumaona maso ake akutseguka. Kwa a Sitandade 5 kupita m'tsogolo onjezani ili: Kodi Mavuto analakwa kufunsa cholembera chake? Apa adzatsutsana, ndipo asiyeni atsutsane. Kufunsa chako si tchimo. Cholakwa chake chinali kukana kumvera chisoni mnzake wopempha, iye atangomveredwa kumene chisoni pa chinthu chachikulu. Ana amene akukonzekera Sakramenti la Kulapa afunseninso kuti amene amatikhululukira "njinga" zathu ndani, ndipo muwakumbutse pempho la kukhululuka la m'pemphero la Atate Athu, limene amalinena tsiku lililonse osalilingalira.

Funso lina musalilumphe ngakhale nthawi itakutherani: Ana amene anakanena kwa atsibweni anachita miseche? Ena adzati inde, pakuti kusukulu wonenera mnzake amasekedwa. Aonetseni kuti m'fanizomo antchito anzake anamva chisoni n'kukauza mfumu, ndipo Ambuye sawadzudzula. Pano mpofunika kusamala kwambiri, amayi. Pagulu limene mukuphunzitsalo mwina pali mwana amene akumenyedwa koopsa kunyumba, kapena amene wamkulu wina akumugwiragwira, ndipo anauzidwa kale kuti mkhristu amangokhululuka, asauze munthu. Phunziro lanu likapita mokhota, limutsekeratu pakamwa. Nenani momveka kuti kukhululuka sikuletsa kuulula, ndipo wochitiridwa nkhanza ayenera kuuza wamkulu amene amamukhulupirira. M'mutu 18 womwewo, pa ndime 6, Ambuye akuchenjeza mwaukali aliyense wolakwitsa ana, ndipo pa ndime 15 mpaka 17 akuphunzitsa kuti cholakwa chikambidwe, chikakanika chifike kwa ena.

N'chifukwa chake musauze ana kuti aliyense atchule pagulu amene anamulakwira. Auzeni amuganizire mumtima. Wina akatsalira anzake atapita, akuzungulirazungulira pafupi nanu, khalani naye pansi mumumvere, osamukalipira kapena kumufulumiza kuti akhululuke. Ngati ndi nkhani ya nkhanza, musaimalize nokha pa mphakati. Pitani nayo ku ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, ndipo mwana wovulazidwa kapena wogwiriridwa apite kuchipatala tsiku lomwelo.