KUSUNGULUMWA PAKATI PA ANTHU AMBIRI: PHUNZIRO LA KU WENELA

Ambiri a ife tikamva mawu oti kusungulumwa timaganiza za munthu amene ali yekhayekha, monga nkhalamba yotsala pabwinja. Koma pali kusungulumwa kwina kopweteka kuposa apa, kumene kumagwira munthu ali pakati pa anzake zikwizikwi. M'phunziro lino ndifuna tione za amuna a kuno kwathu amene ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya golide ya ku Joni. Zina ndidawerenga m'mabuku a mbiri, koma zambiri ndidazimva kwa agogo anga aamuna, amene adapita kumeneko m'chaka cha 1971 ndi kubwerako mu 1973.

Bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito linkatchedwa Wenela, ndipo pambuyo pake lidadziwika ndi dzina loti Theba. Munthu ankalembetsa konkuno, kumuyeza m'thupi, kenaka kukwera ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana. Kuchokera apo ankakwera sitima ya pamtunda kukafika ku Johannesburg, kumene ankagawidwa m'migodi yosiyanasiyana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyi. Pangano la ntchito linali la zaka pafupifupi ziwiri, ndipo gawo lalikulu la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandirire kuno kumudzi.

Tsono taganizani za komboni imene ankagonamo. Inali yotchingidwa mbali zonse, yokhala ndi chipata cholonderedwa, ndipo akazi ndi ana sankaloledwa kukhalamo. Chipinda chimodzi chinkasunga amuna oposa khumi, ogona pa mabedi a simenti osanjikizana ngati mashelefu a m'golosale. Posamba anali limodzi, polandira chakudya anali pamzere umodzi, ngakhale kuchimbudzi kudalibe kobisala. Kodi munthu angasungulumwe bwanji pamalo otere? Agogo amati m'miyezi yoyamba chimene chinkawasowa sichinali anthu ayi, koma munthu wowadziwa. Kumudzi ankaitanidwa ndi mfunda wao, ndipo aliyense ankadziwa amayi ao, dimba lao ndi mkazi amene adangomukwatira kumene. Kumgodi anali nambala yolembedwa pa kachingwe ka pamkono, ndipo kwa anthu a mitundu ina anali chabe Mnyasa mmodzi mwa Manyasa ambirimbiri. Akadadwala n'kusowa pamzere, chodziwika chikadakhala choti nambala yakuti siidalowe pansi lero.

Akuluakulu a migodi ankagoneka anthu potsata mitundu yao: Abasotho kwaokha, Amashangani a ku Mozambiki kwaokha, Amaxhosa kwaokha, Amalawi kwaokhanso. Choncho anzao oyamba a agogo anali a m'chipinda mwao. Chipinda chilichonse chinali ndi mkulu wosankhidwa ndi eni ake, wotchedwa sibonda, amene ankagawa ntchito yosesa ndi kuweruza timilandu. Ameneyu ndiye ankauza mlendo malamulo: koika bokosi lake, nthawi yozimitsa nkhani, ndi amene sayenera kumubwereka ndalama. Thandizo ili linali lalikulu ndithu, pakuti mlendo ankamva chinenero cha kwao ndipo ankapeza womulozera njira. Komabe ine ndikuona kuti uwu sunali ubwenzi weniweni. Anthu aja adaikidwa pamodzi ndi kalaliki wolemba maina, sadasankhane okha. Wina wa ku Mzimba, wina wa ku Mulanje, wina wa ku Ntcheu, aliyense mtima uli kwao. Madzulo ankaseka limodzi, koma magetsi akazima aliyense ankatembenukira kukhoma ndi nkhawa zake.

Chidasintha zinthu m'chipinda muja ndi makalata. Agogo adalekezera sukulu Sitandade 5, kotero ankatha kulemba ndi kuwerenga, pamene anzao angapo sankatha. Kalata yochokera kumudzi inkatenga masabata, ndipo ikafika, mwini wake ankafuna womuwerengera. Apa mpofunika kuganizapo bwino. Wokuwerengera kalata amamva zonse: kuti nkhokwe yatha chimanga, kuti mwana akudwala, kuti apongozi akudandaula, mwinanso kuti pamudzi pakumveka mphekesera za mkazi wako. Munthu wamkulu, wandevu zake, ankayenera kukhala chete mnyamata akumuwerengera zamanyazi za m'nyumba mwake. Bambo wina wachikulire wa m'chipindamo adayamba wawayesa agogo ndi kalata yopanda kanthu, ya moni chabe. Adadikira sabata yathunthu kuti aone ngati mawu ake amveka pakamwa pa ena. Ataona kuti palibe chidatuluka, adabwera ndi ina yolemera, yonena za maliro a mchemwali wake amene adaikidwa iye kulibe. Adaiwerengera kuseri kwa nyumba yochapira, ndipo bambo uja adalira pamaso pa mnyamata wosakwana msinkhu wa mwana wake woyamba. Kuyambira tsiku limenelo ankawaitana agogo kuti mphwanga, nayamba kuwasungira ndalama zao kuti zisathere ku mowa.

Onani m'mene zidayendera. Palibe adanena kuti tiyeni tikhale mabwenzi. Wina adaikiza chinthu chaching'ono, mnzake adachisunga bwino, ndipo chachiwiri chidakulirapo. Zidatenga miyezi.

Nkhani ya pansi pa mgodi ndi ina. Kumeneko mitundu inkasakanizidwa, ndipo chinenero chinali Chifanakalo, chomwe mawu ake ambiri ngochokera ku Chizulu, ena ku Chingerezi ndi Chiafrikaansi. Mlendo aliyense ankachiphunzira masiku oyambirira asanalowe pansi. Chinenerochi chinali chabwino polamula: bwera, pita, nyamula, fulumira, chenjera. Koma agogo amati sungathe kufotokoza nacho kuti usiku wathawu udalota amayi ako. Munthu ankatha kulankhula Chifanakalo tsiku lonse koma osanena kanthu kochokera mumtima. Ndikhulupirira kuti ichi ndicho chifukwa chake anthu ambiri adagwira ntchito limodzi zaka ziwiri osadziwana maina enieni.

Agogo adaikidwa kukhala wothandiza munthu woboola mwala ndi makina, bambo wa Chishangani amene anali atapita kale ku migodi kangapo. Ntchito yao inali yogwira chitsulo choboolera kuti chilunjike poyamba kuboola, kusintha zitsulo zikabuntha, ndi kuyang'anira mapaipi a madzi ndi a mpweya. Malo ake anali otentha, achinyezi, ndiponso aafupi moti munthu sankatha kuimirira. Makina akalira, ngakhale kufuula sikunkamveka, choncho ankalankhulana ndi manja ndi nyale za pachipewa. Kwa miyezi ingapo sadanene mawu ena koma a ntchito. Koma tsiku ndi tsiku bambo uja ankagogoda denga ndi chitsulo asanayambe, namvetsera. Mwala wolimba umalira mwa nthetemya, wosweka m'kati umalira ngati ng'oma yong'ambika. Poyamba ankangochita yekha. Kenaka adayamba kuwapatsa agogo chitsulo chija kuti agogode okha, iye n'kumayang'ana nkhope yao ngati amva kusiyana kwake. Pamalo pamene moyo wako uli m'makutu mwa mnzako, kuphunzitsana kotere nkwakukulu kuposa moni wa masiku onse.

Mawu adabwera pambuyo. Podikira chikepe chokwera kumtunda, nthawi zina kwa ola lathunthu, bambo uja adaloza madzi natchula dzina lake m'chinenero cha kwao, osati m'Chifanakalo, ndipo agogo adayankha m'Chichewa. Adapitiriza motero ndi moto, mwana, ng'ombe, mvula. Mawu ena ankafanana ndipo ankaseka podabwa. Atafika pa mawu oti mwana, bambo uja adaonetsa zala zinayi, kenaka adapinda chimodzi naloza pansi. Agogo adamva kuti anali ndi ana anayi ndipo mmodzi adamwalira. Lamulungu lotsatira agogo adachita chinthu chimene anzao ena sadakondwere nacho: adapita mbali ya Amashangani kukaonerera magule ao, nadya nao. Ena m'chipinda mwao adawanena kuti ayamba kudzigulitsa kwa alendo. Apa ndi pamene gulu la kwanu, lomwe lidakulandira bwino, limasanduka mpanda wachiwiri m'kati mwa mpanda wa komboni.

Si njira zonse zothawira kusungulumwa zinali zabwino. Pakomboni panali holo ya mowa, ndipo kumeneko anzako sankasowa tsiku la malipiro. Agogo amasiyanitsa anthu a kumowa ndi abwenzi motere: iwo atavulala phazi ndi kugona m'chipatala cha pamgodi masabata awiri, mwa onse amene ankamwa nao sipadaoneke ndi mmodzi yemwe. Adabwera ndi bambo wa makalata uja, ndi Mshangani uja atanyamula malalanje. Amati funso lomwe amuna ankadzifunsa mumtima linali lakuti: nditafera kuno, ndani angadziwe mudzi wanga ndi mfumu yanga, natumiza bokosi langa kwa mkazi wanga? Amene anali ndi yankho ankagona tulo. Amene analibe ndiwo ankazolowera mowa, kuleka kuyankha makalata, ndipo manyazi akakula ankaopa ngakhale kubwerera. Anthu otayika motero kuno kwathu timawatcha matchona. Mawuwa timawanena monyoza, koma nditamva nkhani izi ndimaganiza kuti ambiri a iwo sadaiwale kwao mwadala. Chaka choyamba munthu sadalembe chifukwa analibe ndalama zotumiza, chachiwiri sadalembe chifukwa sadadziwe poyambira kupepesa.

Wina anganene kuti lero zonsezi zidatha, popeza abale athu amene ali ku Joni ali ndi mafoni ndipo amalankhula ndi kumudzi tsiku lililonse. Nzoona kuti safunanso wowawerengera kalata. Koma foni imakulumikiza ndi anthu amene ali kutali, pamene wokutengera kuchipatala usiku ayenera kukhala wa khomo loyandikana nalo. Ndiponso kusowa kwa wowerenga kuja ndiko kunkakakamiza amuna awiri kukhulupirirana. Wa foni angathe kukhala chaka chathunthu osapempha kanthu kwa mnansi wake.

Ubwenzi wa kumgodi unali ndi malire ake, ndipo ankaika malirewo ndi pangano la ntchito. Nthawi ya agogo itakwana mu 1973, adasiyira Mshangani uja bulangete, iye nawapatsa supuni ya mtengo imene adasema yekha. Adalemberana makeyala pa kapepala, ngakhale onse ankadziwa kuti kalata ya Chichewa ikasowa woiwerenga kumeneko. Agogo ankafuna kulembetsanso ndi kupempha mgodi womwewo. Koma pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwao, ndipo Dr. Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Njira idatsegulidwanso mu 1977, koma kwa anthu ochepa, ndipo idatsekekeratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza kachilombo ka Edzi. Pofika 1977 agogo anali ndi ana awiri ndi munda wa fodya, ndipo sadapitenso. Bambo wa makalata uja ankabwera kudzacheza pa njinga kamodzi pachaka mpaka adakalamba. Za Mshangani sadamvenso kanthu, pakuti kwao kudabuka nkhondo imene idatha mu 1992.