KUWERENGA MASIKU A CIMANGA, KUYAMBIRA POBZALA KUFIKIRA POKOLOLA

Pa thumba la mbeu ya cimanga yogula m'sitolo kawirikawiri pamalembedwa masiku amene mbeuyo itenga kuti ikhwime. Ina alemba 120, ina 140, ndipo ina ipitirira 150. Nambala ya m'dzina la mbeu nayonso ithandiza: pa mbeu za Seed Co ndi za Zamseed, za m'ma 400 ndizo zoca msanga, za m'ma 600 ndi zapakati, ndipo za m'ma 700 ndizo zocedwa. Koma alimi ambiri a ku Mkaika ndi midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi ayesa kuti masikuwo akatha angathe kuyika cimanga m'nkhokwe. Si momwemo ai.

Masiku a pa thumba athera pa tsiku limene njere ileka kulandira cakudya kucokera ku phesi. Cizindikiro cace ncosabvuta kuciona. Mlimi athyole cisononkho pakati, acotse njere imodzi, nakande ndi cikhadabo kunsonga kumene inalumikizana ndi cisononkho. Akaona kadontho kakuda, njereyo yakhwima ndipo sidzakulanso. Komatu pa tsiku limenelo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwace ndi madzi, pamene cimanga cotonola cosunga m'matumba ciyenera kutsala ndi magawo 13 okha a madzi pa 100. Cifukwa cace pa masiku a pa thumba awonjezepo masabata atatu kufikira asanu akuti ciume, kaya ciri ciimire m'munda, kaya pa mikukwe.

Poyambira kuwerenga ndi tsiku limene mbeu yapeza cinyontho. Iye amene abzala m'nthaka youma pa 10 Novembala, mvula yeniyeni nigwa pa 25, tsiku lace loyamba ndi 25 Novembala, pakuti mbeu yogona m'fumbi sinayambe ulendo wace.

Nayi nkhani ya minda iwiri yoyandikana, yobzalidwa mbeu imodzimodzi ya masiku 140. Mwini munda woyamba anali atagula mbeu mvula isanabwere, nabzala pa 25 Novembala. Mwezi umenewo watsala ndi masiku 5. Akawonjeza 31 a Disembala akhala 36. A Januwale afikitsa 67. A Febuluwale 28 afikitsa 95. A Malici afikitsa 126. Atsala 14, ndipo motero cimanga cace cikhwima pa 14 Epulo, nicikololedwa couma ca pakati pa Meyi. Pa caka cimene Febuluwale ali ndi masiku 29 abweze tsiku limodzi.

Mnansi wace anadikira ng'ombe zobwereka, nabzala pa 25 Disembala. Powerenga mwa njira yomweyo apeza 6 a Disembala, 37 pakutha kwa Januwale, 65 pakutha kwa Febuluwale, 96 pakutha kwa Malici, 126 pakutha kwa Epulo, ndi 140 pa 14 Meyi. Pa pepala zioneka ngati wangocedwa mwezi umodzi, ndi kuti adzadya cimanga cace monga mnzace, kungoti m'mbuyo pang'ono. Koma mvula siisuntha pamodzi ndi tsiku lobzala. M'dziko lino mvula iyamba kucepa kumapeto kwa Malici, ndipo mu Epulo igwa mwa apo ndi apo.

Tsono tsiku lofunika kuliyang'anitsitsa si lokolola, koma lomasula. Cimanga citulutsa ngayaye ndi ndevu pafupifupi pakati pa masiku ace. Ca masiku 140 citero ca m'ma tsiku la 70. M'munda woyamba tsikulo ligwa pa 3 Febuluwale, mvula iri pakati, ndipo njere zikhala ndi miyezi iwiri ya cinyontho yoti zidzaze. M'munda waciwiri ligwa pa 5 Malici. Mungu ugwa bwino ndithu, njere nizigwira, koma pofika kumapeto kwa Malici ziri zanthete, za mkaka, zoyenera kuoca cabe. Masabata asanu ndi limodzi amene zikanati zidzaze ufa agwa mu Epulo ndi Meyi, nthaka ikuuma.

Pamenepo cimodzi mwa ziwiri cicitika. Kumene nthaka isunga madzi, monga m'mphepete mwa dambo, cimanga cipitiriza kukula, koma pang'onopang'ono, popeza usiku wa Epulo ndi Meyi uzizira ndipo cimanga cifulumira ndi kutentha. Tsiku la 14 Meyi lingathe kupitirira ndi sabata kapena awiri. Kumtunda, makamaka pa nthaka ya mcenga, zicitika mosiyana ndipo zinyenga anthu: masamba auma kuyambira pansi, makoko nayera m'kati mwa Epulo, mwini munda nakondwa kuti cimanga caca msanga masiku asanakwane. Sicinace, cafa ndi ludzu. Akacisenda adzapeza njere zokwinyika, kunsonga kwa cisononkho kopanda kanthu, ndipo thumba lodzaza bwino lipepuka pa sikelo.

Ndiye njira yanzeru ndiyo kuwerenga cammbuyo. Mlimi ayerekeze kuti m'munda mwace cinyontho cifika mpaka pa 15 Epulo, ndiko kuti mvula yotsiriza pamodzi ndi madzi otsalira m'nthaka. Akabwerera masiku 140 afika pa 26 Novembala. Akabwerera masiku 120 afika pa 16 Disembala. Awa ndiwo malire a mbeu ziwirizi pa munda wotere. Kucedwa pang'ono sikupha munda, pakuti m'masiku otsiriza njere yolimba kale siifuna madzi ambiri; koma sabata liri lonse lopitirira malirewo licepetsa zokolola. Wa nthaka ya mcenga abweze malire ace ndi sabata limodzi kapena awiri, ndipo akulu a pamudzi, amene aona minda imeneyo zaka zambiri, adziwa bwino tsiku limene iyamba kuuma.

Mnansi uja akanabzala mbeu ya masiku 120 pa 25 Disembala pomwepo, cimanga cace cikanamasula ca pa 23 Febuluwale ndi kukhwima pa 24 Epulo. Mbeu yoca msanga siibala kwambiri monga yocedwa pa caka ca mvula yabwino, komabe njere zace zikanadzaza. Mlimi amene Khirisimasi yampeza asanabzale, thumba la m'ma 700 liri m'nyumba, acita bwino kukalisinthitsa ndi la m'ma 400, ngakhale amve cisoni ndi ndalama zace.

Kuwerenga kumeneku sikulamula mitambo. Mu 2024 mvula inadukiza masabata angapo kuyambira kumapeto kwa Januwale, nthawi imene minda yobzalidwa bwino inali kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale boma la Zambia linalengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Cifukwa ca zotere, amene ali ndi munda wokulirapo augawe pawiri: mbeu yapakati pa mvula yoyamba yokwanira, ndi yoca msanga patapita masabata awiri kapena atatu, kuti ng'amba ikabwera isapeze munda wonse pa msinkhu umodzi.

Tsiku lobzala lilembedwe pa kalendala, pamodzi ndi dzina la mbeu. Tsiku limene theka la mapesi latulutsa ndevu lilembedwenso, popeza limenelo likonza zolakwa za ciwerengero coyamba: kucokera pamenepo dowe apezeka patapita masabata atatu, ndipo kadontho kakuda kaoneka patapita masiku 55 kufikira 70, monga mwa mtundu wa mbeu ndi kuzizira kwa nyengo. Mlimi akaona kadonthoko pa zisononkho zambiri za pakati pa munda angathe kudula mapesi ndi kuimika mikukwe, ciswe cisanayambe kuwagwetsa.