Mbale ya nsima ya nkhuku: imadya ndalama zingati isanafike pa tebulo?

M'malesitilanti ang'onoang'ono ambiri a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23, mtengo wa mbale umachokera kwa oyandikana nawo. Wa pafupi akamagulitsa nsima ya nkhuku pa K2,500, nayenso watsopano amalemba K2,500 pa bolodi. Makasitomala amadzadza, mapoto amatha, koma pakutha pa mwezi mpamba uli pomwepo kapena wachepa. Nthawi zambiri chimene chasowa ndi pepala limodzi losonyeza ndalama zimene mbale imodzi yadya isanafike pa tebulo.

Pepalali silifuna kompyuta. Kope la ana asukulu, cholembera ndi sikelo yaing'ono n'zokwanira. Chakudya chilichonse chimakhala ndi tsamba lake: nsima ya nkhuku tsamba lake, nsima ya nyemba lake, mpunga wa nyama lakenso. Pa tsambapo pamalembedwa dzina la chinthu cholowa mumphika, kuchuluka kwake pa kuphika kumodzi, ndalama zake, ndi ndalama zimene zikugwera mbale imodzi. Pamwamba pamalembedwa tsiku, chifukwa mtengo wa lero si wa mwezi wamawa.

Chitsanzo chotsatirachi ndi cha mayi amene ali ndi lesitilanti pafupi ndi msika wa Nsungwi ku Area 25, ndipo amaphika mbale 30 za nsima ya nkhuku ndi masamba tsiku lililonse. Mitengoyi ndi yongophunzirirapo. Aliyense aike mitengo imene wagulira yekha sabata imeneyo.

Mtengo wogulira si mtengo wa mumphika

Poyambira ndi ufa, chifukwa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Mayiyu wagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K60,000. Powerengera mwachangu, kilogalamu imodzi ndi K1,200. Koma chimanga sichilowa mumphika chili chimanga. Chikakonoledwa, gaga amachoka, ndipo atayeza ufa wobwera kuchigayo wapeza makilogalamu 40 okha. Walipiranso K8,000 ya chigayo ndi wa kabaza. Ndiye kuti ufa wa makilogalamu 40 wamudyera K68,000, kutanthauza K1,700 pa kilogalamu. Kusiyana kwa K500 kumeneku ndi ndalama imene imatuluka tsiku lililonse mwakachetechete.

Kuchuluka kwa ufa wotsala kumasiyana malinga ndi mtundu wa chimanga komanso kakonoledwe, ndipo mgaiwa sutaya zambiri ngati ufa woyera. N'chifukwa chake mwini lesitilanti ayenera kuyeza yekha kamodzi kapena kawiri, osati kungomva za anzake. Ngati gaga wagulitsidwa kwa oweta nkhuku kapena nkhumba, ndalamayo ichotsedwe pa mtengo wa ufa.

Kenako pamafunika kudziwa kuti kilogalamu ya ufa imatulutsa mbale zingati. Mayiyu anayeza ufa asanaphike, n'kuwerenga mitanda itaomoledwa. Wapeza kuti pa chipande chake, kilogalamu imodzi imapereka mbale zisanu za mitanda iwiri iwiri. Mbale 30 zimafuna makilogalamu 6. Nkhuku nayo imawerengedwa ndi nthuli, osati ndi kukula kwake pamsika: nkhuku yachizungu ya K12,000 amaidula nthuli 10, choncho nthuli imodzi ndi K1,200.

Tsamba lake likuoneka motere:

Ufa, makilogalamu 6: K10,200, pa mbale K340
Nkhuku zitatu, nthuli 30: K36,000, pa mbale K1,200
Mafuta ophikira, theka la lita: K3,000, pa mbale K100
Tomato: K3,000, pa mbale K100
Anyezi: K1,500, pa mbale K50
Masamba, repu kapena mpiru: K3,000, pa mbale K100
Mchere ndi zokometsera: K600, pa mbale K20
Zonse pamodzi: K57,300, pa mbale K1,910

Mbale zophikidwa ndi mbale zogulitsidwa

Apa ambiri amatseka kope n'kunena kuti mbale ikudya K1,910, ndiye pa K2,500 phindu ndi K590. Koma mbale 30 zophikidwa sizigulitsidwa zonse. Mayiyu amadya mbale imodzi masana, mtsikana womuthandiza imodzinso, ndipo kawirikawiri ina imatsala madzulo kapena imathera kwa kasitomala wopempha "onjezeraniko pang'ono, mayi". Zobweretsa ndalama ndi mbale 27.

Ndalama zonse za mumphika ziyenera kubwezedwa ndi mbale zolipiridwa zokha. Kugawa K57,300 ndi 27 kumapereka K2,120 ndi kakusintha pang'ono. Mbale yakwera ndi K210 popanda chinthu chilichonse kukwera mtengo kumsika. Wophika sangagwire ntchito ndi njala, ndipo zotsala sizingatheretu, koma zimenezi zikalembedwa zimalowa mu mtengo m'malo modya mpamba.

Zosaoneka m'mbale

Pali ndalama zina zimene kasitomala saziona m'mbale koma zimatuluka m'thumba lomwelo. Izi zimalembedwa pa tsamba lapadera, pa tsiku. Za pamwezi, monga lendi ndi malipiro, zimagawidwa ndi masiku amene lesitilanti imatsegula. Mayiyu sagulitsa Lamulungu, choncho amagawa ndi masiku 26, osati 30. Lendi ya K78,000 imakhala K3,000 pa tsiku, ndipo malipiro a wothandiza a K130,000 amakhala K5,000. Makala amatha K5,000, madzi ndi sopo K1,500, kabaza wopita kokaoda katundu pamodzi ndi chiphaso cha khonsolo K3,500. Zonse ndi K18,000 pa tsiku.

Ndalama imeneyi siyenera kugwera nkhuku yokha, chifukwa mbaula ndi denga lomwelo zimatumikiranso nyemba, usipa ndi nyama. Lesitilantiyi imagulitsa mbale 60 za mitundu yonse pa tsiku, ndiye mbale iliyonse imasenza K300. Mtengo weniweni wa mbale ya nsima ya nkhuku ndi K2,120 kuphatikiza K300, yomwe ndi K2,420.

Tsopano mtengo wa oyandikana nawo uja ukuoneka bwino. Pa K2,500, phindu si K590 koma K80 pa mbale. Mbale 27 zikusiya K2,160 tsiku lonse, kuchokera m'bandakucha mpaka kutsuka mapoto. Kasitomala mmodzi yekha wodya pa ngongole n'kusowa wachotsa phindu lonselo, n'kulumako ndi mpamba.

Kupeza mtengo wogulitsira

Mwini lesitilanti amayamba wasankha kuti pa K100 iliyonse yolowa m'bokosi, yake ikhale ingati. Mayiyu akufuna K20. Ndiye kuti K80 yotsalayo ndi imene ikulipira zonse zowonongedwa. Amagawa K2,420 ndi 80, n'kuchulukitsa ndi 100, ndipo amapeza K3,025. Pofuna kupewa vuto la chenje, amalemba K3,000. Phindu ndi K580 pa mbale, kapena K15,660 pa mbale 27.

Komabe pepala silikakamiza kasitomala kulipira. Ogwira ntchito ku Kanengo ndi ogulitsa mtedza ku Mgona amene amadya masana aliwonse amadziwa mitengo ya mzere wonse, ndipo K500 ikhoza kuwasamutsa. Ngati K3,000 sikuyenda, pepala lomwelo limasonyeza pamene pali posinthira. Nkhuku yokha ikutenga K36,000 pa K57,300, kuposa theka la ndalama zonse za mumphika. Kuchepetsa anyezi kapena mchere sikungapulumutse kanthu, kungowononga kukoma. Kupeza woweta amene angapereke nkhuku pa mtengo wooda, kapena kugulitsa padera zipalapasiro, mitu ndi nthutumba m'malo mozipereka ulere, ndiko kumasuntha mtengo wa mbale.

Masamba a zakudya zina amathandizanso. Ngati tsamba la nsima ya nyemba likusonyeza kuti mbale imadya K1,500, makala owonjezera ophikira nyemba ali momwemo, ndipo imagulitsidwa K2,000, ndiye kuti ikusiya K500. Mbale yotsika mtengo ikhoza kusiya ndalama zambiri kuposa nkhuku ya K2,500. Wodziwa zimenezi amaonetsetsa kuti nyemba zisamathe msanga.

Mitengo ikasintha

Mitengo ya mu Lilongwe siima malo amodzi. Chimanga chimatsika anthu akakolola cha m'ma April mpaka June, n'kukwera kwambiri mu January ndi February. Tomato amadula nthawi ya mvula. Ndipo mu November 2023, pamene Banki Yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, katundu wambiri wa m'magolosale anakwera m'masiku ochepa. Amene ali ndi pepala amangosintha mzere umodzi n'kuona ngati nkhaniyo ndi yaikulu kapena ayi.

Mafuta akakwera ndi K2,000 pa lita, theka la lita likuwonjezera K1,000, yomwe pa mbale 27 ndi K37 yokha. Apa palibe chifukwa chosinthira bolodi. Koma nkhuku ikachoka pa K12,000 kufika pa K15,000, nkhuku zitatu zikuwonjezera K9,000, yomwe ndi K333 pa mbale. Phindu la K580 latsika kufika pansi pa K250. Apa m'pofunika kuchitapo kanthu sabata yomweyo: kukweza mtengo, kapena kudula nkhuku nthuli 12 kuti nthuli ikhale K1,250. Njira yachiwiriyi ili ndi malire, chifukwa makasitomala a tsiku ndi tsiku amaiona nthuli ikachepa, ndipo ena amakhululuka mtengo wokwera kusiyana ndi nthuli yofota.

Kudziwa kuti pepala ndi mphika zasiyana

Pepala limakhala loona pokhapokha kapakulidwe kakhala kofanana masiku onse. Chipande chikhale chimodzi, chikho choyezera mafuta chikhale chimodzi, ndipo wodula nkhuku adziwe chiwerengero cha nthuli. Madzulo aliwonse pakhale kuwerengera kwa mphindi zochepa. Ngati ufa wa makilogalamu 6 watha koma mbale zatuluka 26 m'malo mwa 30, mitanda yakula. Ngati nthuli zatha mbale zisanakwane, wina akupakula ziwiri kapena akulawa mopitirira. Ngati lita ya mafuta yatha tsiku limodzi m'malo mwa masiku awiri, dzanja la wophika lalemera. Ndipo mbale 27 pa K3,000 ziyenera kusiya K81,000 m'bokosi ndi pa foni. Ikaperewera, kope la ngongole liyenera kufotokoza kumene yapita.

Tsiku labwino lokonzera pepalali ndi tsiku lokaoda katundu ku Lizulu kapena ku Wakawaka, mitengo isanaiwalike. Mtengo wakale usafufutidwe: ungodulidwa mzere, watsopano n'kulembedwa pambali pamodzi ndi tsiku lake. Pakatha miyezi ingapo, tsambalo limayamba kusonyeza mwezi woyenera kugula matumba a chimanga osunga, ndi mwezi umene nsima ya nkhuku imafuna mtengo watsopano.