Phunziro: Kuulutsa nsalu ya kumsana m'masewera a pakompyuta

Ophunzira inu, lero tiona nsalu ija imene anthu a m'masewera a pakompyuta amamangirira m'mapewa n'kumalendewera kumsana, monga ya Batman. Wosewera amafuna kuti munthu wake akathamanga nsaluyo iuluke, akaima igwe, akatembenuka itsalire pang'ono m'mbuyo. Vuto lili pa nthawi. Masewera oonetsa zithunzi 60 pa sekondi amakhala ndi mamilisekondi 16.7 okha okonzera chithunzi chilichonse, ndipo nthawi yomweyo ayenera kugawana adani, mitengo, kuwala ndi mawu. Nsalu imalandira kagawo kakang'ono kwambiri.

Tiyerekeze kuti nsalu yathu ndi yotalika mamita 1.2, ndipo wojambula waipanga ndi timadontho 40 m'litali ndi 40 m'lifupi. Onse pamodzi ndi 1,600. Mukafuna kuwerengera kayendedwe ka kadontho kalikonse, muyeneranso kusunga mtunda wa pakati pa oyandikana, ndipo malumikizidwe amenewa ndi 3,120, tisanawerenge opingasa kapena oletsa nsalu kudzilowa yokha. Njira yotsika mtengo ndi yakuti tiwerengere malo ochepa chabe, nsalu yonse izingowatsatira.

Ganizirani mikanda yotungidwa pa ulusi. Tilendewetsa maulusi atatu, wina kuphewa lakumanzere, wina pakati pa msana, wina kuphewa lakumanja. Ulusi uliwonse uli ndi mikanda isanu yotalikirana masentimita 30. Mkanda wapamwamba ndi womangirira kuthupi, choncho umapita kumene phewa lapita. Yotsala 12 ndiyo yoyenda yokha. Pakati pa mkanda ndi unzake timaikapo fupa, monga mafupa amene amayendetsa manja ndi miyendo ya munthu wa m'masewera, ndipo timadontho 1,600 tija timamamatira ku mafupawo. Diso limaona nsalu yathunthu, pamene kompyuta ikuwerengera mikanda 12 basi.

Poyendetsa mikandayi tigwiritsa ntchito njira ya Verlet, yotchedwa dzina la Loup Verlet, wasayansi wa ku France amene anaigwiritsa ntchito mu 1967 pofufuza kayendedwe ka tizidutswa ta zinthu zamadzimadzi. Opanga masewera ambiri anaidziwira kwa Thomas Jakobsen, amene mu 2001 anafotokoza m'mene anaigwiritsira ntchito mu Hitman: Codename 47. Mkanda uliwonse umangokumbukira zinthu ziwiri: pamene uli tsopano ndi pamene unali m'chithunzi chapitacho. Kusiyana kwa malo awiriwa ndiko liwiro lake.

```
v     = (x - x_old) * 0.98
x_old = x
x     = x + v + g * dt * dt
```

Apa `g` ndi mphamvu yokokera zinthu pansi, 9.8, ndipo `dt` ndi 1/60 ya sekondi. Mukachulukitsa mupeza kuti m'chithunzi chilichonse mkanda umawonjezera mamilimita 2.7 pa kugwa kwake.

Tikangosiya chomwecho, mikanda idzagwa mpaka kalekale. Ndiye sitepe yachiwiri ndi yokonza mtunda. Tinene kuti mikanda iwiri yatalikirana masentimita 34 m'malo mwa 30. Yapitirira ndi masentimita 4, choncho timasuntha uliwonse masentimita 2 kulowera kwa unzake. Ngati umodzi ndi wa paphewa, sitiukhudza, winayo ndiye amasuntha masentimita 4 onse. Ubwino wa Verlet ukuonekera pamenepa: tikasuntha mkanda, liwiro lake limasintha lokha, chifukwa limachokera ku malo. Timalumikizanso maulusi atatuwo chopingasa kuti nsalu isang'ambike pakati. Malumikizidwe otsika ndi 12, opingasa ndi 8, onse 20. Kukonza amodzi kumasokoneza oyandikana nawo, n'chifukwa chake timabwereza kangapo. Tikabwereza kanayi, takonza maulendo 80 okha pa chithunzi. Mukaona nsalu ikutamuka ngati mphira munthu akadumpha, dziwani kuti kubwerezako kwachepa.

Tsopano tcherani khutu pa nambala ija ya 0.98, pakuti ndiyo imaulutsa nsalu popanda kuwerengera mphepo. Munthu wathu akuthamanga mamita 6 pa sekondi, kutanthauza masentimita 10 pa chithunzi. Mkanda umataya magawo awiri pa 100 alionse a liwiro lake, ndiye umatsalira m'mbuyo mamilimita 2 pa chithunzi, uku ukukokedwa pansi mamilimita 2.7. Ulusi umapendekeka motsatira kulimbana kwa nambala ziwirizi, ndipo nsalu imatukuka pafupifupi madigiri 36 kuchoka pamsana. Mukasintha nambalayo kukhala 0.95, kutsalira kumafika mamilimita 5, ndipo nsalu imatukuka kupitirira madigiri 60. Motero 0.98 ikupatsani nsalu yooneka yolemererapo, 0.95 yopepuka youluka msanga. Munthu akaima, mikanda imapitirira ndi liwiro lake, kukagunda kumsana, kenako n'kukhazikika.

Kugunda kumeneko nakonso kumafuna kukonzedwa, apo ayi nsalu idzalowa m'thupi. Sitiyerekeza mikanda ndi thupi lenileni. Timaika mkati mwa msana ndi m'miyendo timaumbidwe tosaoneka, tobulungira ngati kapisozi wa mankhwala, ndipo mkanda ukalowamo timaukankhira kunja podzera mbali yapafupi. Pali msampha apa. Kuchokera pakati pa kapisozi wa mwendo kufika kunja kwake pangakhale masentimita 8, koma mwendo wothamanga ungasunthe masentimita 10 m'chithunzi chimodzi. Mkanda umapezeka wadutsa pakati, mbali yapafupi n'kukhala yakutsogolo, ndipo nsalu imatulukira kutsogolo kwa bondo n'kukodwa kumeneko. Mankhwala ake ndi kuika malire athyathyathya amene amayenda ndi chiuno, n'kulamula kuti mkanda uliwonse usawoloke kupita kutsogolo.

Zolakwika zina ziwiri mudzazizindikira ndi maso. Nsalu ikamanjenjemera nthawi imene masewera akuchedwa, chifukwa chake nthawi zambiri ndi `dt` yosinthasintha. Masamu athuwa amayembekeza kuti sitepe iliyonse ndi yofanana ndi yapitayo, choncho werengerani nsalu ndi 1/60 nthawi zonse, ndipo chithunzi chikachedwa yendetsani masitepe awiri. Chachiwiri chimachitika munthu akafa n'kubwezeredwa poyambira. Phewa limafika msanga kumalo atsopano, mikanda ili kutali, ndipo nsalu imatamuka n'kukwapula sikirini yonse. Pa nthawi yotere ikani mikanda yonse pamalo atsopano, ndipo `x_old` ifanane ndi `x` kuti liwiro liyambire pa ziro.

Njirayi ili ndi pothera pake. Mikanda 12 singapange makwinya ang'onoang'ono, singakulunge thupi lonse, ndipo singadziunjike bwino pansi munthu akagona. Makwinya wojambula amawajambuliratu pansalupo, ndipo pachithunzithunzi chapafupi pamene munthu akufunda nsaluyo ndi dzanja, mafupa aja amayendetsedwa ndi kanema wokonzeratu, masamu n'kuyamba aima kaye.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Lembani ulusi umodzi wa mikanda isanu, wapamwamba uzitsatira mbewa ya kompyuta. Yesani 0.99, 0.98 ndi 0.95, ndipo pa nambala iliyonse werengerani papepala madigiri amene nsalu iyenera kutukuka pa liwiro la mamita 6 pa sekondi. Kenako chepetsani kubwereza kuchoka pa kanayi kufika pa kamodzi, mulembe zimene zachitikira kutalika kwa ulusiwo.