KUPHUNZITSA MASAMU OGAŴA ZINTHU MWA RESHO

Kaamba ka kuchepa kwa mabuku, aphunzitsi ambiri amajambula tsamba la buku la masamu pa lamya, nkumakopera mafunsowo pa bolodi. Masamu ogaŵa ndalama kapena chimanga mwa resho ndi ena mwa amene amafika m'kalasi mwa njira imeneyi. Vuto lake nlakuti nthaŵi zambiri chithunzicho chimatenga mafunso okha, pamene chitsanzo cholongosola njira chatsalira pa tsamba lina. Tsono udindo wofotokoza tanthauzo la resho umagwera ife.

Tiyeni titenge funso ili: Banja lina lakolola matumba 30 a chimanga, ndipo liwagaŵira agogo, azakhali ndi amalume mwa resho ya 2:3:5. Kodi aliyense alandira matumba angati?

Tisafulumire kulemba njira pa bolodi. Poyamba tiwatume ana kukatola timiyala 30, kamwala kalikonse kaimire thumba limodzi. Ana atatu akhale kutsogolo m'malo mwa abale atatu aja, ndipo wachinayi akhale wogaŵa. Iyeyu apereke timiyala 2 kwa agogo, 3 kwa azakhali, 5 kwa amalume, kenaka ayambirenso. Akatero katatu, timiyala tonse tidzakhala titatha.

Apa mpamene tiyenera kufunsa kuti, "Kodi pa ulendo umodzi pamachoka timiyala tingati?" Ana adzayankha kuti 10, pakuti 2 + 3 + 5 = 10. Tikawafunsanso chifukwa chimene wogaŵa wayendera maulendo atatu okha, adzaona kuti 30 ÷ 10 = 3. Motero agogo alandira 2 × 3 = 6, azakhali 3 × 3 = 9, ndipo amalume 5 × 3 = 15. Lamulo lakuti tiyambe ndi kuphatikiza manambala a resho adzakhala atalipeza ndi manja awo, ndipo kuliiŵala nkovuta.

Cholakwa chimene tidzakumana nacho kaŵirikaŵiri ndi ichi: mwana akamva mawu akuti "gaŵani", amagaŵa 30 ndi nambala iliyonse ya resho payokha. Amalemba 30 ÷ 2 = 15, 30 ÷ 3 = 10 ndi 30 ÷ 5 = 6. Mmalo mongodula yankholo ndi cholembera chofiira, timuuze aphatikize mayankho ake. Adzapeza 31, ndipo timufunse kumene thumba linalo lachokera, popeza banjalo lidakolola matumba 30 okha.

Komatu tichenjere, pakuti kuyesa yankho mwa kuphatikiza sikugwira cholakwachi nthaŵi zonse. Taonani funso ili: Bambo agaŵira ana awo atatu K66,000 mwa resho ya 2:3:6. Mwana wotsata njira yolakwika ija adzapeza K33,000, K22,000 ndi K11,000. Akaziphatikiza zimakwana K66,000 ndendende, ndipo iye adzakhulupirira kuti wakhoza. Izi zimachitika chifukwa 1/2, 1/3 ndi 1/6 zikaphatikizidwa zimapanga chinthu chathunthu. Njira yoona ndi yakuti magawo onse alipo 2 + 3 + 6 = 11, ndipo gawo limodzi ndi K66,000 ÷ 11 = K6,000. Choncho anawo alandira K12,000, K18,000 ndi K36,000.

Nchifukwa chake tiyenera kuzoloŵeza ana mafunso aŵiri oyesera yankho. Loyamba nlakuti, kodi zimene anthuŵa alandira zikukwana zonse zimene zidalipo? Lachiŵiri nlakuti, kodi mwini nambala yaikulu mu resho ndiye walandira zambiri? Njira yolakwika ija imapatsa mwini 2 zambiri kuposa mwini 6, ndiye kuti funso lachiŵirili lidzaiulula ngakhale loyamba italizemba. Ndi bwino kuti ana, asanayambe kuŵerengera, anene pakamwa amene ati alandire zambiri ndi amene ati alandire zochepa.

Chomaliza chikukhudza kukopera kochokera pa chithunzi. Nambala iliyonse ya resho ili ndi mwini wake, motsata ndondomeko imene maina alembedwera. Tikasinthanitsa maina pokopera, agogo adzatenga matumba a amalume ngakhale masamu onse atayenda bwino. Komanso pa chithunzi chosaoneka bwino 3 amafanana ndi 8, ndipo 2:8:5 ikanapereka mayankho ena ndithu, ndiwo 4, 16 ndi 10. Motero tisanaloŵe m'kalasi tiyambe taŵerengera tokha funso lililonse, ndipo pa bolodi tilembe dzina lililonse pamwamba pa nambala yake.

Pokonzekera phunziro lanu loyeserera, tengani funso la K66,000 lija, mulembe mafunso atatu amene mungamufunse mwana wopeza K33,000, K22,000 ndi K11,000, kuti aone yekha pamene waphonya inu musanamuuze yankho.