Mwala wa Pamphete Wasuluka Kapena Wangoda? Mafunso ndi Mayankho

Kodi ametisiti, sitirini ndi ganeti ndi miyala yotani?

Ametisiti ndi mwala wamtundu wa pepo, sitirini ndi wachikasu, ndipo ganeti wodziwika kwambiri ndi wofiira ngati vinyo. Iwiri yoyambayo ndi pachibale, yonse ndi ya m'banja la nsangalabwi. Ametisiti amakumbidwa ku Mzimba kuno kwathu, komanso wochuluka ku Mapatizya, kummwera kwa Zambia. Kupezeka kwake mochuluka ndiko kumatsitsa mtengo, n'chifukwa chake mnyamata wa ku Ndirande amene sangakwanitse dayamondi amatha kupeza mphete yachinkhoswe ya mwala weniweni.

Kodi n'zoona kuti ametisiti amasuluka?

Inde, koma pang'onopang'ono. Mtundu wake umachokera ku tizidutswa tachitsulo tosaoneka ndi maso, tomwe tinasinthika mwalawo uli pansi panthaka. Dzuwa lamphamvu likauwomba kwa miyezi kapena zaka, kusinthako kumabwerera m'mbuyo ndipo pepo uja amayamba kutuwa. Miyala ina imasuluka msanga kuposa inzake. Ukasuluka, kutsuka sikungaubwezeretse.

Taganizirani amayi awiri a ku Bangwe ovala mphete zofanana. Wina amagulitsa tomato pabwalo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wina amasoka zovala m'nyumba. Mwala wa wogulitsa tomato ndi umene uli pachiswe, makamaka m'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala. Koma wosoka uja akazolowera kusiya mphete pawindo lolowa dzuwa, nayenso wadziputira yekha.

Nanga sitirini?

Sitirini wambiri wogulitsidwa m'masitolo ndi ametisiti wootchedwa. Akamutenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 400 kapena 500, pepo amasanduka chikasu. Si chinyengo ayi, bola wogulitsa anene. Mtundu umenewu umakhalitsa ndithu, ngakhale kuti nawonso suyenera kugonekedwa padzuwa. Choopsa kwambiri kwa miyala iwiriyi ndi kutentha kodzidzimutsa: dzanja likachoka pafupi ndi mbaula n'kulowa m'madzi ozizira, mwala ungathe kuchita mng'alu m'kati. Mphete ikafunika kuwotcherera, funsani mmisiri ngati ayambe wachotsa mwalawo.

Ganeti nayenso amasuluka?

Ayi, dzuwa silimusintha mtundu. Kwa munthu wogwira ntchito panja, ganeti ndi amene ndingamusankhire.

Ndiye bwanji mwala wanga wasiya kuwala patangopita miyezi itatu?

Apa ndi pamene ambiri amanamizira dzuwa. Miyezi itatu ndi yochepa, ndipo kawirikawiri vuto limakhala litsiro. Sopo, mafuta odzola ndi phala la nsima zimaunjikana kunsi kwa mwala n'kutseka njira ya kuwala. Iviikeni mpheteyo m'madzi ofunda a sopo kwa mphindi 15, tsukani kunsi kwake ndi mswachi wofewa, tsukuluzani, kenako muyang'anenso. Ikawala, linali litsiro basi.

Ikakhalabe yotuwa, yang'anitsitsani pamwamba ndi m'ngodya za mwalawo. Mukaona timizere tambirimbiri ndipo ngodya zafumbutuka, mwalawo wakalika. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala kuyambira 1 mpaka 10, ametisiti ndi sitirini zili pa 7, ganeti pakati pa 6.5 ndi 7.5, dayamondi pa 10. Tsoka lake n'lakuti fumbi ndi mchenga zili ndi tizidutswa ta nsangalabwi, tolimba pa 7 pomwepo. Choncho kukwecha mapoto ndi mchenga mutavala mphete, kapena kupukuta mwala wafumbi ndi nsonga ya chitenje mutayenda m'misewu yafumbi ya ku Machinjiri, kuli ngati kuunola. Mwala wokalika mmisiri wosema miyala angathe kuusalazanso.

Ngati mwala ndi woyera, wosalala, koma mtundu watha mphamvu, pamenepo ndiye wasulukadi. Koma mtundu ukamathothoka ngati utoto, munagula galasi lopakidwa kapena mwala wopakidwa.

Ndingadziwe bwanji galasi ndisanalipire?

Yang'anani m'kati mwa mwalawo pamalo owala. Timathovu tozungulira ta mpweya ndi chizindikiro cha galasi. Ametisiti wachilengedwe nthawi zambiri mtundu wake sukhala wofanana ponseponse, pena wakuda, pena wotuwa. Musayese pokala ndi mpeni, mungawononge katundu wa eni. Dziwaninso kuti pali ametisiti wopangidwa kufakitale amene maso sangamusiyanitse ndi wokumbidwa. Ameneyo amafuna zida za akatswiri. Uzani wogulitsa alembe dzina la mwalawo palisiti.

Ndisunge bwanji?

Vulani mphete pochapa, pokwecha ndi pophika, makamaka pogwira mankhwala oyeretsera zovala, omwe amawononga siliva ndi golide wogwira mwalawo. Chodzikongoletsera chilichonse chikulungidwe m'kansalu kake, chikhale m'bokosi lotseka, kuti zisakalane zokhazokha. Ndolo ndi mikanda zimatenga zaka zambiri zikuwala kuposa mphete, chifukwa sizigundagunda m'zidebe ndi m'zitseko za minibasi.